Momwe mungadulire masilaidi 40 kuti mulankhule kwa mphindi 20

Mukagawa mphindi 20 ndi masilaidi 40, silaidi iliyonse ipeza masekondi 30 okha. Omvera sangawerenge tebulo la bajeti m'nthawi imeneyo, ndipo kufulumizitsa pakamwa sikuthandiza. Mankhwala ake ndi kudula. Tiyerekeze kuti mukukapereka lipoti la ntchito yokumba mijigo ku khonsolo ya boma.

Yambani ndi kuwerengera nthawi. Malonje ndi kupereka ulemu kwa akuluakulu ndi mafumu zimadya mphindi ziwiri, kutseka imodzi. Zatsala 17. Ngati silaidi itenga mphindi imodzi ndi theka, malo alipo a masilaidi 11 basi.

Kenako sungani kope lina la fayiloyo, mutsegule View > Slide Sorter mu PowerPoint kuti muone masilaidi onse pamodzi. Lembani papepala chiganizo chimodzi cha zomwe mukufuna khonsolo ichite, monga "avomereze ndalama zokonzera mijigo yowonongeka". Silaidi yosathandiza chiganizochi ichoke.

Zoyamba kuchoka ndi ya ndondomeko ya nkhani ndi ya "Zikomo". Asanu a mbiri ya bungwe ndi atatu a zolinga asanduke imodzi. Pa zithunzi zisanu ndi zitatu musiye ziwiri: mjigo wogwira ntchito ndi wakufa.

Kuphatikiza ndiye pofunika kusamala. Ngati dera lililonse mwa madera asanu ndi atatu lili ndi silaidi yake, pangani tebulo limodzi: dera, mijigo yokumbidwa, yogwira ntchito. Dera lomwe zinthu zavuta kwambiri lokha ndilo lipatsidwe silaidi yachiwiri. Komatu kuphatikiza si kuthithikiza mawu a masilaidi atatu pamalo amodzi. Mukaona kuti mukuchepetsa zilembo kuti zonse zikwane, simunadule kanthu, chifukwa mudzazilankhulabe zonsezo. Silaidi yatsopano ikhale ndi mfundo imodzi, ndipo mutu wake unene mfundoyo: "Mijigo yambiri yafa ku dera limodzi", osati "Zotsatira".

Bajeti ichoke pa masilaidi asanu ndi imodzi ifike pa awiri: zomwe zinalowa ndi kutuluka, ndi zomwe zikupereŵera. Mavuto anayi ndi zopempha zitatu muziphatikize, vuto likhale pambali pa pempho lake, masilaidi atatu. Pamodzi ndi wa mutu, akwana 11.

Matebulo atsatanetsatane musawafufute, pakuti wina adzafunsa ndithu. Asunthireni kumapeto, muwabise ndi Hide Slide, manambala ake mulembe papepala. Funso likabwera, lembani nambalayo ndi kudina Enter, silaidiyo itulukira.

Pomaliza yesererani mokweza mawu ndi Slide Show > Rehearse Timings. Muzithera pa mphindi 18, chifukwa pamaso pa anthu munthu amawonjezera mawu. Silaidi ikadya mphindi zoposa zitatu, muli mfundo ziwiri mmenemo, chotsanimo imodzi. Ngati padzakhala womasulira, nthawi yanu yeniyeni ndi theka, choncho dulaninso mpaka asanu ndi imodzi.