Momwe mungapangire chinenero cha ma imoji pa WhatsApp popanda kusokonezana

Anthu ambiri kuno ku Mangochi anasiya kulemba ziganizo zathunthu pa tchati, amangoponya tizithunzi titatu totsatana basi uthenga wapita. Zimathandizadi, makamaka kwa munthu amene ali padoko manja anyowa, dzuwa likuwala pa sikirini, netiweki ikubwera ndi kupita. Koma ma imoji sanena okha zomwe mukufuna, amanena zomwe munagwirizana ndi mnzanuyo, nde ngati simunagwirizane aliyense amawerenga zake. Apa ndifotokoza momwe mungapangire mndandanda wanu, ndipo chitsanzo chathu chikhala cha geni ya usipa: achimwene amene amagula padoko ku Makawa, mlongo wawo amene amagulitsa ku Limbe, ndi adalaiva amene amanyamula katunduyo.

Choyamba lembani ziganizozo m'mawu, ma imoji abwere pambuyo

Tsegulani tchati yanu, bwererani m'mbuyo masabata awiri kapena atatu, muone ziganizo zomwe mumalemberana mobwerezabwereza. Mupeza kuti ndi zochepa, zomwezomwezo tsiku ndi tsiku: nsomba yapezeka, lero kulibe, sinaume, galimoto yanyamuka, katundu wafika. Izi ndi zomwe zikuyenera kulowa mu mndandanda. Ine ndimati musapitirire ziganizo 6 kapena 8, chifukwa zikachuluka munthu amayamba kuganizira m'malo mokumbukira, ndipo kuganizirako ndi komwe kumabweretsa mikangano. Nkhani yomwe imabwera kamodzi pamwezi ilembeni m'mawu kapena ijambuleni pa voisi.

Chachiwiri gwirizanani kasanjidwe kake

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Tizithunzi tilibe "sindi", tilibe "dzulo" kapena "mawa", tilibe "kodi", choncho 🐟🚚 ikhoza kutanthauza kuti nsomba yakwera kale, kapena kuti tumizani galimoto, kapena munthu akungofunsa ngati yakwera. Njira yothana nazo ndi yopatsa malo aliwonse ntchito yake osasinthanso: oyamba ndi chinthu chomwe mukukamba, achiwiri ndi momwe chilili, achitatu ndi chifukwa chake kapena chotsatira. Mndandanda wa abale athu aja ukhoza kukhala chonchi:

🐟✅🚚 usipa ndagula, wauma, ndikukweza lero
🐟❌🌊 lero kulibe, nyanja yawinduka, maboti sanalowe
🐟❌🌕 kulibe kapena wachepa chifukwa mwezi ukuwala
🐟⏳☀️ ndagula koma uli pa thandala, sunaume, dikirani
🚚✅🏪 katundu wafika kumsika, ndalandira
❓🐟 kodi kuli bwanji kudoko lero

Onani kuti ❌ nthawi zonse ikubwera pambuyo pa chinthu chomwe ikukana. Wina akalemba 🐟🌊❌ zasokonekera kale, mlongo uja aziwerenga kuti mafunde kulibe, nyanja ili bata, pomwe achimwene amatanthauza kuti nsomba ndiyo kulibe. Funso nalonso liyambe ndi ❓ osati kumalizira nayo, kuti munthu akangoona kutsogolo adziwe kuti akufunsidwa, sakuuzidwa.

Mwina mukuti bwanji kusiyanitsa 🌊 ndi 🌕 pomwe zonse zikuti nsomba kulibe. Amene ali mu geniyi akudziwa kuti izi ndi nkhani ziwiri. Mwera ukawomba, makamaka miyezi yozizira ija ya Juni ndi Julayi, ukhoza kuleka mawa kapena mkucha anthu nkulowanso m'madzi, nde wa ku Limbe amangodikira. Koma usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukakhala wathunthu nyali zija sizikoka nsomba bwino, zimatenga masiku angapo kuti mdima ubwerere. Mlongo uja akaona 🌕 amadziwa kuti katundu amene watsala pa benchi asamutaye motchipa chifukwa wina safika msanga. Kachizindikiro kamodzi kachitatuko kamuuza chochita ndi mtengo.

Manambala, nthawi ndi malo musazisandutse zithunzi. Timawotchi ta imoji tija timafanana kwambiri, 🕕 ndi 🕡 pa foni yaing'ono simungazisiyanitse chonsecho zikusiyana ndi theka la ola. Lembani manambala wamba pambuyo pake, mwachitsanzo 🐟✅🚚 matumba 4, 6 madzulo. Adalaiva nawo akaima panjira alembe 🚚📍 Liwonde kapena 🚚📍 Zomba, dzina la malo m'malemba, aliyense adziwe kuti katundu wafika pati.

Chachitatu sankhani tizithunzi takale, tooneka bwino

Bungwe la Unicode ndi lomwe limavomereza ma imoji, limapereka nambala ndi dzina la kachizindikiro kalikonse, koma kajambulidwe kake kampani iliyonse imapanga kake. Nchifukwa chake nkhope yomweyo imaoneka mosiyana pa iPhone, pa Samsung ndi pa mafoni ena a Android. WhatsApp ya pa Android ili ndi zojambula zakezake mkati mwa tchati, koma meseji yomweyo ikatulukira pamwamba pa sikirini musanatsegule, foni imagwiritsa zake. Komanso ma imoji atsopano amabwerabe. Gulu lalikulu loyamba, momwe muli 🐟, linalowa mu 2010, bwato 🛶 linabwera mu 2016, kankhope kochita saluti 🫡 ndi ka 2021. Foni yakale kapena WhatsApp yomwe sinaapudetedwe ikalandira chatsopano imaonetsa kabokosi kopanda kanthu, ndipo ngati kabokosiko kali pamalo achiwiri aja ndekuti chiganizo chonse chafa.

Nkhope muzipewe mu mndandanda wa geni. 😂 ndi kuseka mpaka misozi, 😭 ndi kulira kwambiri koma achinyamata amaigwiritsanso poseka, ndipo akuluakulu ambiri amaona misozi yokhayo nkutumiza 😂 pa uthenga wa maliro akuganiza kuti akulira nawo. 🙏 wina amati zikomo, wina chonde, wina pemphero, ndipo abale athu achisilamu ambiri pa duwa amakonda 🤲. Tengani zinthu zodziwika monga nsomba, galimoto, dzuwa, mwezi. Nsomba nazo zilipo zingapo, 🐟 ndi 🐠 ndi 🐡, ngati mumagulitsanso chambo kapena utaka musadalire kuti anthu azisiyanitsa tinsombato ali pachangu, ingolembani dzina patsogolo pake. Za 🍆 ndi 🍑 ndinene poyera kuti pa intaneti anthu amazigwiritsa pa nkhani zogonana, olo mutakhala kuti mumagulitsadi mabiringanya lembani m'mawu.

Chachinayi yesani musanayambe kudalira

Tumizani mzere umodziumodzi kwa aliyense wa pa gulupu popanda kufotokoza, ndipo mumuuze ajambule voisi yonena zomwe wawerenga m'mawu ake. Musamufunse kuti "mwamva?" chifukwa ayankha kuti eya olo asanamve, tonse timatero. Ngati adalaiva awerenga 🐟⏳☀️ kuti bwerani masana pomwe inu mumatanthauza kuti usipa sunaume, vuto si adalaiva, mzerewo ndi wofunika kusintha. Apempheninso ajambule sikirini yawo akutumizireni muone ngati palibe kabokosi.

Pali chinanso chomwe ambiri sadziwa. Ngati wina wa inu ali ndi foni ya mabatani ndipo mumamutumizira meseji wamba, zambiri mwa izi sizioneka, zimafika ngati timabokosi kapena zizindikiro za funso. Komanso meseji wamba imanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo imoji imodzi malire amatsika kufika pa 70, ndipo ma imoji ambiri amadya malo awiri. Ndekuti meseji ya zilembo 100 yomwe ikanapita imodzi imaduka pawiri, mayunitsi nkudyeka kawiri. Kwa munthu ameneyo lembani mawu basi kapena imbani.

Chachisanu sungani mndandanda poonekera

Mukagwirizana, lembani mizere yonse ndi matanthauzo ake mu meseji imodzi, muidinikize kwa kanthawi nkusankha Pin. WhatsApp imafunsa ngati ikhale pamwamba maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, sankhani 30 ndipo muzikumbukira kuibwezeretsa ikatha. Koperaninso mu Group description, komwe sikutha nthawi, kuti wolowa kumene aipeze. Mukasintha tanthauzo la mzere wina musangokonza mwakachetechete, lengezani pa gulupu ndipo mzere wakalewo musaugwiritsenso ntchito, mupange wina, chifukwa pamakhala munthu mmodzi amene bandulo inamuthera sabata imeneyo ndipo adzawerenga mwakale.

Kuti musamasakesake tizithunzi nthawi zonse, kiyibodi ikhoza kukusungirani. Pa Gboard lowani mu Settings, kenako Dictionary, kenako Personal dictionary, sankhani chinenero, dinani + nkuika mzere wonse pamwamba ndi kachidule pansi, monga us1. Pa iPhone ndi Settings, General, Keyboard, Text Replacement. Mukalemba us1 mzere wonse umatulukira wosanjika kale, zomwe zimachotsanso vuto lija loika ❌ pamalo olakwika.

Pomwe simuyenera kuzigwiritsa

Ndalama zisayende pa imoji yokha. 💰✅ sinena kuti ndi zingati, zapita pa nambala iti, kapena ngati munthu akuti watumiza kapena walandira. Lembani kuchuluka kwake m'manambala, ndipo wolandira aone balansi yake pa Airtel Money kapena Mpamba asanatulutse katundu. Foni ya achimwene ikabedwa wakubayo amaona mndandanda wonse uli pamwamba pa gulupu, akhoza kutumiza 🐟✅🚚 yooneka bwinobwino nkupempha ndalama pa nambala yachilendo, nde pempho lililonse lotere imbani kaye mumve mawu a mwini wake. Izi zikusonyezanso kuti mndandanda wanu si chinsinsi, aliyense wowerenga tchati yanu masiku ochepa authyola.

Samalaninso ndi 👍. Mu 2023 khoti lina ku Saskatchewan m'dziko la Canada linagamula kuti mlimi amene anayankha 👍 pa chithunzi cha kontirakiti yogulitsa mbewu anavomera mgwirizanowo, ndipo linamulamula kulipira ndalama zoposa madola 82,000 a kumeneko, ngakhale iye ankati amangosonyeza kuti uthenga waulandira. Malamulo a kuno ndi ena, koma mkangano wake ndi womwe timauona pa ma gulupu athu. Gwirizanani kuti 👀 ndi "ndaona" ndipo "ndavomera mtengo" azilemba m'mawu pamodzi ndi mtengowo.

Kwa apongozi, kwa amfumu, kwa ashehe kapena abusa, yambani ndi moni wabwino nkulemba chiganizo chonse, tizithunzi titatu topanda moni kwa munthu wamkulu timaoneka ngati mwano ngakhale inu simunalinge. Uthenga wa maliro, wa matenda kapena wa boti lomwe silinabwerere kunyanja usalowe nkomwe mu mndandandawu, umenewo imbani foni, ikapanda kugwira lembani dzina la munthu, malo ndi nthawi m'mawu athunthu.