Windows 11 ikakana kulowa chifukwa cha TPM kapena purosesa

Mwayamba kuika Windows 11, pulogalamu yoikira yayenda pang'ono, kenako yaima n'kulemba kuti "This PC doesn't currently meet Windows 11 system requirements". Musathamangire kufunsa mitengo ya kompyuta yatsopano. Werengani kaye mzere umene uli m'munsi mwa uthengawo, chifukwa madandaulo amene amabwera kawirikawiri ndi awiri ndipo ndi osiyana kwambiri. Ikati "The PC must support TPM 2.0", nthawi zambiri chinthucho chilimo kale koma chinangozimitsidwa, ndipo kuchiyatsa ndi ntchito ya mphindi khumi. Ikati "The processor isn't supported for this version of Windows", palibe batani limene mungadine kuti purosesa yakale isanduke yatsopano. Pamenepo pamafunika kusankha zochita, ndipo tifikapo. Ngati pulogalamu yoikirayo sinatchule chifukwa, ikani PC Health Check ya Microsoft, imatchula chimene chaperewera.

TPM ndi kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi, monga otsekulira disiki yotsekedwa ndi BitLocker ndiponso oteteza nambala yanu yolowera mu Windows. Kale kanali kachidutswa kakekake komata pa bolodi lalikulu la kompyuta. Pa makompyuta ambiri a zaka zaposachedwapa ntchitoyi imachitikira m'kati momwemo, popanda kachidutswa kapadera: a Intel amaitcha PTT, a AMD amaitcha fTPM. Apa ndi pamene anthu amasokonezekera. Munthu amalowa mu BIOS, tsamba la makonzedwe a bolodi lotsegulidwa Windows asanayake, n'kumasakasaka mawu oti TPM, osawapeza, n'kuganiza kuti kompyuta yake ilibe, pamene ilipo koma pa dzina lina.

Tiyeni titsatire kompyuta imodzi kuyambira pachiyambi. Tinene kuti ndi ya patebulo, yochita kulumikiza ziwalo zogula padera, ili ndi purosesa ya Intel Core i5-8400 ndipo ikuyendera Windows 10. Pulogalamu yoikira yadandaula za TPM 2.0 ndi Secure Boot, chitetezo choletsa mapulogalamu osavomerezeka kuyamba kompyuta ikamayaka, koma za purosesa sinanene kanthu.

Choyamba ndi kuona mmene zinthu zilili musanakhudze chilichonse. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe `tpm.msc`. Pa kompyuta yathuyi palembedwa "Compatible TPM cannot be found". Uthengawu umangotanthauza kuti Windows sakuiona, sukutanthauza kuti mulibe. Pakadalembedwa "The TPM is ready for use", tikadayang'ana pa Specification Version kuti tione ngati ndi 2.0 kapena 1.2 yakale ija. Kenako lembani `msinfo32` pa malo omwewo n'kuwerenga mizere itatu: Processor, BIOS Mode ndi Secure Boot State. Yathuyi ikuonetsa BIOS Mode kuti ndi Legacy, kutanthauza kayambidwe kakale ka kompyuta. Mzere umenewu muusunge m'mutu, ndi umene umagwetsa anthu ambiri.

Musanalowe mu BIOS, koperani mafayilo anu ofunika pa disiki ina. Ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker, pezani kiyi yake ya manambala 48 muilembe papepala, ndipo muimitse kaye chitetezocho posankha Suspend protection. BitLocker imazindikira kuti kayambidwe ka kompyuta kasintha, ndiye ikhoza kukana kutsekula mpaka mutalemba manambalawo. Amene alibe kiyiyo mafayilo ake atha basi, ngakhale katswiri sangawatulutse.

Tsopano yambitsaninso kompyuta n'kumadina Del kapena F2 ikangoyaka, pa makina ena ndi F10 kapena F1. Yang'anani pansi pa Security, Advanced kapena Trusted Computing. Mayina amene mungakumane nawo ndi Intel PTT, Intel Platform Trust Technology, AMD fTPM, Security Device Support kapena Security Chip. Ikani pa Enabled. Mabolodi ena amakusankhitsani pakati pa Discrete TPM ndi Firmware TPM. Ngati simunagule kachidutswa kapadera, sankhani Firmware TPM, apo ayi kompyuta izifunafuna kachipangizo koti palibe. Pafupi pomwepo mungaone Clear TPM. Musakhudze. Amenewo ndi mawu ofufutira makiyi onse osungidwamo, si oyatsira. Sungani zimene mwasinthazo, bwererani mu Windows, ndipo muonenso `tpm.msc`.

Kwa ambiri nkhani imathera pamenepa. Koma kompyuta yathu ija ili pa Legacy, ndipo Windows 11 imafuna kayambidwe katsopano ka UEFI kokhoza Secure Boot. A Microsoft amanenanso kuti TPM 2.0 siyenera kugwiritsidwa ntchito pa Legacy kapena CSM, batani la mu BIOS loyatsira kayambidwe kakaleko. Munthu wopupuluma amangobwerera mu BIOS, n'kuzimitsa CSM, n'kuyatsa kompyuta. Zotsatira zake, sikirini yakuda yolembedwa kuti palibe disiki yoyambira, kapena kompyuta imangobwerera mu BIOS mobwerezabwereza. Mtima umagunda, koma palibe chimene chafufutika. Vuto ndi lakuti Windows woikidwa pa Legacy amakhala pa disiki yogawidwa m'kalembedwe kakale ka MBR, pamene Windows wa pa UEFI amayambira pa disiki ya GPT. Zikakuchitikirani, bwezeretsani CSM ndipo Windows ayaka monga kale.

Ndondomeko yoyenera ndi kusintha disiki kaye, BIOS pambuyo. Tsekulani Command Prompt posankha Run as administrator, mulembe:

```
mbr2gpt /validate /allowFullOS
```

Lamuloli silisintha kanthu, limangoyeza ngati disikiyo ingasinthike. Limakana ngati disiki ili ndi zigawo zazikulu zoposa zitatu, kapena ili ndi chigawo cha mtundu wa Extended. Likavomera, lembani:

```
mbr2gpt /convert /allowFullOS
```

Silichedwa ndipo silifufuta mafayilo, koma lilibe lamulo lobwezera m'mbuyo, n'chifukwa chake tinayamba ndi kukopera mafayilo. Likamaliza, Windows sayakanso pa Legacy. Lowani mu BIOS nthawi yomweyo, zimitsani CSM kuti kompyuta iziyambira pa UEFI, ndipo muyatse Secure Boot. Mabolodi ena amabisa Secure Boot mpaka mutazimitsa CSM n'kuyambitsanso kompyuta kamodzi. Mukabwerera mu Windows, `msinfo32` ionetse UEFI, `tpm.msc` ionetse 2.0. Kompyuta ya i5-8400 ija yakwanira tsopano popanda kugula kanthu kapena kuzemba lamulo lililonse, ndipo izilandira zokonza zonse za Windows Update bwinobwino. Tsamba la Windows Update likhoza kupitiriza kunena kuti siyokwanira kwa tsiku limodzi kapena angapo chifukwa limachedwa kuyezanso. Khulupirirani PC Health Check.

Dandaulo la purosesa ndi lina. Mwachidule, a Microsoft anadula mzere pa m'badwo wa 8 wa Intel Core ndiponso pa Ryzen 2000 ya AMD, kupatulapo ochepa a mbali zonse ziwiri. M'badwo wa Intel mumauwerenga pa nambala yotsatira kamzere: i5-8400 ndi wa 8, i5-7200U ndi wa 7, i5-10210U ndi wa 10. Musanyengedwe ndi i7 kapena i5 wa kutsogoloyo. i7-6700 ndi yamphamvu ndithu koma ndi ya m'badwo wa 6, siili pa mndandanda, pamene i3-8100 ilipo. Zimawawa, koma mndandandawo suyang'ana liwiro lokha.

Tinene kuti muli ndi laputopu ya i5-7200U. TPM 2.0 ilimo, UEFI ilimo, chokanitsa ndi purosesa yokha, ndipo pa laputopu ngati imeneyi purosesa ndi yowotchereratu pa bolodi, sisinthika. Njira yozembera ilipo, ndipo anaifalitsa ndi a Microsoft eni ake mu 2021, ngakhale pambuyo pake anaichotsa pa tsamba lawo. Mu Command Prompt yomwe ija lembani mzere umodzi uwu:

```
reg add HKLM\SYSTEM\Setup\MoSetup /v AllowUpgradesWithUnsupportedTPMOrCPU /t REG_DWORD /d 1 /f
```

Kenako tsitsani fayilo ya ISO ya Windows 11 kuchokera kwa Microsoft, imene ili ndi zonse zoikira Windows, muitsekule muli mu Windows 10, n'kudina `setup.exe`. Ikuchenjezani kuti kompyutayi siyovomerezeka, mukavomera ipitiriza, mafayilo ndi mapulogalamu anu osachoka. Malire ake ndi akuti imafunabe TPM, ngakhale ya 1.2. Pa kompyuta yopandiratu TPM, anthu amakonza fulashi yoikira ndi pulogalamu ya Rufus, imene ili ndi kabokosi kochotsera lamulo la TPM 2.0, Secure Boot ndi RAM ya 4 GB. Rufus imafufuta zonse za pa fulashiyo, choncho muisamutsiretu zanu. Ma ISO okonzedwa kale ndi anthu osadziwika a pa intaneti ndiye ayi, simudziwa chimene anaikamo.

Musanazembe, dziwani chimene mukugula. A Microsoft salonjeza kuti kompyuta yotere izilandira zokonza. M'zochitika zokonza za mwezi ndi mwezi zakhala zikufika, koma mtundu watsopano wa chaka ndi chaka, monga 24H2, subwera wokha. Mtundu uliwonse wa Home ndi Pro umathandizidwa miyezi 24, ndiye nthawiyo isanathe muyenera kubwereza ntchito yonseyi pamanja. Mukaiwala, mukhala ndi Windows 11 wosalandira chitetezo, chimodzimodzi ndi Windows 10 amene chithandizo chake cha nthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025. Lembani `winver` kuti mudziwe mtundu umene muli nawo, ndipo muzionako nthawi ndi nthawi.

Maganizo anga ndi awa. Laputopu ya m'badwo wa 6 kapena 7 yokhala ndi TPM 2.0, RAM ya 8 GB ndi disiki ya SSD, ndipo mwini wake ndi inu nomwe amene mungakumbukire kuikonzanso, zembani, imayenda bwino. Kompyuta ya kuntchito yosunga zinthu za anthu ena, kapena ya wachibale amene sadzadziwa kuti zokonza zasiya kubwera, musaiike pa njira imeneyi. Imeneyo ifunika ina yovomerezeka, kapena muiikire Linux ngati ntchito yake ndi ya intaneti ndi kulemba makalata basi. Ndipo ngati mwakweza kuchoka pa Windows 10 koma china chake chasiya kugwira, monga mawu kapena makina osindikizira, muli ndi masiku 10 obwerera kudzera pa Settings, System, Recovery, Go back. Akadutsa masikuwo, kubwerera n'kuikanso Windows kuyambira pachiyambi.

Palinso makina amene ngakhale Rufus singawathandize. Kuyambira pa 24H2, Windows 11 imafuna purosesa yodziwa malamulo a POPCNT ndi SSE4.2, ndipo limeneli si lamulo la pulogalamu yoikira loti n'kuzemba, Windows weniweniyo sayaka popanda zimenezi. Core 2 Duo ndi Core 2 Quad zilibe, choncho mukaona mayina amenewa pa mzere wa Processor, musavutike n'kukonza fulashi.