Momwe Ndinalembera Zotsatira Zachilendo za Madzi a ku Area 25

Madzi a m'chitsime china ku Area 25 anapereka pH 5.8, pomwe zitsime zapafupi zinali pa 7. pH ndi muyeso wa asidi m'madzi: nambala ikatsika pansi pa 7, ndiye kuti madziwo ali ndi asidi. Mnzanga analemba msanga mu lipoti kuti tinagwira makina oyezera pH mosasamala. Ndinakana, chifukwa m'mawa womwewo makinawo anawerenga bwino madzi oyesera a pH 4 ndi pH 7. Chiganizo cha mnzangayo chimatseka nkhani popanda umboni.

Ndinalemba chonchi: “N'kutheka kuti madzi a mvula, omwe pH yake imakhala pafupifupi 5.6, analowa m'chitsimemo, popeza chivundikiro chake n'chong'ambika. Zikuoneka kuti vuto si makina, ngakhale kuyeza kamodzi sikungatsimikizire zimenezi.” Zomwe tinaona ndi maso, monga mng'alu uja, ndinazinena mosazengereza, “n'kutheka” ndinamuika pa chifukwa chokha. Ndinawonjezera kuti tikayezenso mvula ikatha.