Momwe mungatetezere kachewere ndi matimati ku chiwawu nyengo ya mvula ndi nkhungu

Alimi a ku Bembeke, ku Tsangano ndi madera ena okwera a Dedza ndi Ntcheu amachidziwa chiwawu: munda wa kachewere wobiriwira bwinobwino Lolemba, pofika Lamulungu wada ngati wawauka ndi moto. Ambiri amathamangira mankhwala masamba atada kale, ndipo apa ndi pamene ndalama zimalowera m'madzi. Chiwawu timapopera poyang'ana nyengo, osadikira kuti tichione.

Choyamba dziwani nyengo yake. Kachilombo koyambitsa matendawa kamakonda kozizira, kutentha kukakhala pakati pa madigiri 10 ndi 20, masamba n'kukhala onyowa usiku wonse mpaka dzuwa litakwera. Mvula yowaza ya masiku awiri kapena atatu, nkhungu, mame ochedwa kuuma, ndiye chakudya chake. Njere zake n'zosaoneka ndi maso, zimauluka ndi mphepo kuchoka m'munda wina kupita wina, ndipo zikatera pa tsamba lonyowa zimalowa m'kati. Pakatha masiku anayi kapena asanu, banga latsopano layamba kale kubala njere zina. Dzuwa likaomba kwambiri matenda amaima kaye, koma sanafe.

Kenako tsimikizani kuti ndi chiwawu chimenechi. Pitani kumunda m'mamawa mame asanaume. Mudzaona mabanga obiriwira motuwa, ooneka ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, makamaka kunsonga ndi m'mphepete, kenako amada. Tembenuzani tsambalo: m'mbali mwa banga mumakhala nkhungu yoyera ngati ufa wowazidwa. Mukakayika, ikani tsambalo m'jumbo pamodzi ndi kapepala konyowa, mangani, musiye pozizira usiku umodzi. Ngati ndi chiwawu, mawa lake zoyerazo zatuluka. Mabanga okhala ndi mizere yozungulirazungulira pa masamba akale a m'munsi ndi matenda ena, oyenda pang'onopang'ono. Chitsamba chongofota chikadali chobiriwira, chopanda banga, n'china chimenecho, ndipo kuchipopera mankhwala a chiwawu n'kungotaya.

Tsopano kupopera. Daifeni, amene mphamvu yake ndi mankozebu, amangokhala pamwamba pa tsamba ngati chikopa. Amapha njere zimene zikutera, koma kachilombo kamene kalowa kale sakafikira. Choncho yambani kachewere atangofika msinkhu wa chikhatho, kapena matimati atagwira mutawaokera, ngati nyengo yozizira ndi yonyowa yayamba. Tiyerekeze kuti pa paketi palembedwa magalamu 2.5 pa lita, ndipo sipuleya yanu ndi ya malita 16: muyeza magalamu 40. Asungunuleni kaye m'kabekete mpaka zibuma zithe, kenako thirani m'sipuleya yomwe muli madzi theka, n'kudzazitsa. Poperani masamba atauma, ndipo lozetsani kamwa ya sipuleya m'mwamba kuti kunsi kwa masamba kunyowenso. Bwerezani pakatha masiku 7. Kukakhala ng'amba mungafike masiku 10. Mvula yamphamvu ikagwa mutangopopera, mankhwala akokoloka, bwerezani kukangoyera. Valani zotchinga manja, mphuno ndi pakamwa.

Mukaona mabanga oyamba, chotsani masamba odwala, muwaike m'thumba pomwepo n'kukawakwirira kutali, kenako poperani Ridomilo, amene amalowa m'kati mwa chomera. Ameneyu musapitirire kawiri kapena katatu pa mbewu imodzi, chifukwa kachilombo kamamuzolowera. Pakati pake bwererani ku Daifeni. Munda ukada wonse mpaka mitengo, ngakhale Ridomilo sangaudzutse.

Ntchito ina ndi ya khasu. Bandirani kachewere kuti mizere ikhale ikuluikulu, pakuti mvula imatsuka njere pa masamba n'kuzitsitsira m'nthaka, ndipo mbatata ya kachewere yomwe ili pamtunda ndiyo imayamba kugwidwa. Matimati amangirireni ku mitengo, phatani nthambi za m'munsi kuti mphepo idutse, ndipo pothirira thirani patsinde, osati pamasamba. Matimati odwala amakhala ndi banga lolimba lofiirira, lonyezimira ngati lapakidwa mafuta. Mukapopera, masiku odikira musanathyole alembedwa pa paketi ya mankhwala. Chizolowezi chowaza Daifeni pa matimati othyola kale kuti asaole pamsika n'kudyetsa anthu mankhwala basi.

Pokolola kachewere, dulani masamba ndi mitengo yonse, dikirani masabata awiri, kenako kumbani tsiku louma. Palani khungu la mbatata yomwe yachita mabanga: m'kati mukaoneka mofiirira ngati dzimbiri, imeneyo isalowe m'thumba, imaoletsa anzake, ndipo ikasungidwa ngati mbewu ndiyo idzabweretse matenda chaka chamawa. Zoolazo musaunjike m'mphepete mwa munda, zikwirireni mozama, ndipo zulani kachewere yense womera yekha musanabzale matimati pafupi.