Kalata yofunsira ntchito pamene mwapereŵera chinthu chimodzi

Mvula ikamatha, makampani ogula soya, nshawa ndi mpendadzuwa amayamba kufuna anthu oti aziyendera alimi ku Chipangali, Kasenengwa, Chadiza ndi Katete. Zilengezo zimamatidwa pazitseko za maofesi mu Chipata, zina zimazungulira pa WhatsApp. Munthu amaŵerenga mndandanda wa zofunika, zinayi n'kuziona kuti ali nazo, koma chachisanu alibe. Ambiri apa amachita chimodzi mwa ziŵiri: kusiya osafunsira, kapena kufunsira atatseka pakamwa, akuganiza kuti osankha makalata sadzaona. Malangizo athu ndi akuti chosowacho muchitchule nokha, kamodzi, m'ziganizo ziŵiri kapena zitatu, mutaonetsa kale zomwe muli nazo. Koma musanagwire cholembera, yambani mwadziŵa ngati chosowa chanucho chili cha mtundu wokambirana.

Pali zosowa zimene kalata singakonze, ngakhale italembedwa mwaluso bwanji. Namwino wopanda laisensi ya Nursing and Midwifery Council of Zambia, mphunzitsi wosalembetsa ku Teaching Council of Zambia, wa zaumoyo wosalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, onsewa akutchingidwa ndi lamulo, osati ndi mtima wa abwana. Wolemba ntchito sangawatenge ngakhale atafuna. N'chimodzimodzi pa ntchito zaboma zofuna makirediti asanu a Giledi 12 kuphatikizapo Chingerezi: makalata amasefedwa ndi mndandanda, ndipo wopereŵera amagwa asanaŵerengedwe n'komwe. Ngati chanu ndi chotere, ndalama ya fotokope isungeni, mukalembetse mayeso a GCE.

Zokambirana ndi zija zimene mungazipeze posachedwa, monga laisensi ya njinga yamoto, kapena zimene china chingaloŵe m'malo mwake, monga zaka zitatu zogwira ntchito pamene inu muli ndi ziŵiri, kapena dipuloma pamene muli ndi satifiketi ndi zaka zingapo za m'munda. Onaninso mawu a chilengezocho. Ngati chinthu achiika poti wokhala nacho adzakhala ndi mwayi woposa anzake, si chofunika chenicheni, ndipo simukuyenera kuchitchula konse. Kupepesa pa chinthu chimene sanakukakamizeni ndi kudzichotsera mamalikisi nokha. Chotchula ndi chokhacho chimene analemba kuti wofunsira ayenera kukhala nacho.

Ndipo chikhale chimodzi. Zikafika ziŵiri, kalata imasanduka mndandanda wa madandaulo.

Titenge chitsanzo. Kampani ina yogula mbewu yalengeza kuti ikufuna woyendera alimi ku Chipangali. Zofunika ndi zisanu: satifiketi ya Giledi 12, satifiketi kapena dipuloma ya zaulimi, zaka ziŵiri zogwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono, kulankhula bwino Chichewa, ndi laisensi ya njinga yamoto ya kalasi A. Mtsikana wina ali ndi satifiketi yochokera ku Zambia College of Agriculture ku Monze. Wagwira nyengo zitatu ndi bungwe lina, akuyang'anira magulu 14 a alimi okwana 320. Njinga amaidziŵa, koma laisensi alibe.

Choyamba atenge pepala, alidule ndi mzere pakati. Kumanzere akopere zofunika zisanuzo m'mawu enieni a chilengezo, kumanja alembe umboni wa chilichonse: chaka, malo, chiŵerengero. Pa mzere wa zaka ziŵiri asalembe kuti "ndili ndi luso lalikulu," alembe nyengo zitatu, magulu 14, alimi 320. Mzere wa laisensi udzakhala wopanda kanthu, ndipo ntchito ya tsiku limenelo ndi kuupezera choikapo. Izi sizichitikira patebulo. Apite ku RTSA, bungwe lopereka malaisensi oyendetsera, akapimitse kuchipatala monga akufunira, alembe mayeso a malamulo a pamsewu, atenge laisensi yongoyembekezera. Akabwerako ndi pepala limenelo, chosowa chija chasintha nkhope: si "ndilibe" chabe, koma "ndayamba, ndipo nditha pa nthaŵi yakuti." Pakati pa kalata yovomereza chosowa imene imaitanidwa ku intavyu ndi imene imaponyedwa pambali, kusiyana kwake nthaŵi zambiri kumakhala pepala limodzi lotereli.

Tikumbutse pano kuti laisensi ya galimoto ya kalasi B siloleza munthu kuyendetsa njinga yamoto. Ena amailemba ngati yoloŵa m'malo, ndipo woŵerenga wodziŵa amaona kuti sanamvetse chomwe chikufunika.

Kalatayo ikwane tsamba limodzi, ndime zinayi. Ilembedwe m'chilankhulo cha chilengezo, chomwe kuno kaŵirikaŵiri chimakhala Chingerezi. Pano tiika maganizo ake m'Chichewa kuti kamangidwe kaoneke. Ndime yoyamba ndi yaifupi: dzina la ntchito monga analilembera, kumene munaona chilengezo ndi tsiku lake. Yachiŵiri ndiyo yonenepa, ndipo imatsata ndondomeko ya chilengezo, chifukwa woŵerenga ali ndi mndandanda wake pambali ndipo akuchonga chimodzichimodzi. Mtsikana uja angalembe motere:

"Ndili ndi satifiketi ya Giledi 12, ndipo ndinamaliza satifiketi ya zaulimi ku Monze mu 2020. Kuyambira 2021 ndagwira nyengo zitatu ndi alimi a soya ndi nshawa ku Kasenengwa, ndikuyang'anira magulu 14 a alimi 320. Ndinkalemba alimi m'kaundula, kugaŵa mbewu ya ngongole, kuyendera minda, ndi kuyesa chinyontho cha mbewu pa malo ogulira. Misonkhano yonse ndinkaichititsa m'Chichewa, ndipo Chinsenga ndimachimva."

Zinayi zachongedwa. Tsopano, woŵerenga ali kale kumbali yake, pakubwera ndime yachitatu:

"Chilengezo chanu chikufuna laisensi ya njinga yamoto ya kalasi A. Pakali pano ndilibe. Ndili ndi laisensi yongoyembekezera yochokera ku RTSA, yomwe ndaphatikiza kope lake, ndipo ndikukonzekera mayeso a pamsewu mwezi wa Epulo usanathe, kugula mbewu kusanayambe."

Basi. Yang'anani zomwe zili m'ndimeyi ndi zomwe mulibe. Muli dzina la chosowacho m'mawu a chilengezo, muli kuvomera kosazungulira, muli umboni woti wayambapo, ndipo muli nthaŵi yolumikizidwa ndi kalendala ya kampaniyo, osati ya iye mwini. Abwana a kampani yogula mbewu nkhaŵa yawo ndi imodzi: kodi munthuyu adzafika kumidzi msika ukatsegulidwa? Ndimeyi ikuyankha funso limenelo. Mulibe "pepani," mulibe "mwatsoka," mulibe chifukwa chomwe anachedwera kutenga laisensi. Nkhani za ndalama zomwe zinasoŵa kapena matenda a kunyumba ndi zoona, koma m'kalata zimatembenuza wofunsira ntchito kukhala wopempha chithandizo.

Pali chiganizo china chomwe ambiri amachiona ngati chothandiza koma chimapha kalata: "Ngakhale ndilibe laisensi, njinga ndakhala ndikuyendetsa zaka zitatu." Wolemba akuganiza kuti akuonetsa luso. Woŵerenga akuona munthu amene akuvomera kuti amaphwanya lamulo la pamsewu, ndipo akuganiza za njinga ya kampani, inshuwalansi yomwe ingakane kulipira ngozi itachitika, ndi apolisi pa rodibuloko ya msewu wa ku Lundazi. Ngati mukufuna kuonetsa kuti mtunda sukuopsani, nenani mmene munkafikira alimi kale: pa njinga yakapalasa, makilomita angati pa tsiku, midzi ingati pa sabata.

Malo a ndime ya chosowa si nkhani yaing'ono. Mukaiika poyambirira, woŵerenga amene ali ndi mulu wa maenvelopu amapeza chifukwa chosiyira kalata yanu asanadziŵe kuti ndinu yani. Mukaiika pothera penipeni, ndiye mawu omaliza otsala m'mutu mwake. Ikhale pakati, ndipo ikangotha, ndime yachinayi ibwerere ku ntchito: chinthu chimodzi chimene mungachite mwezi woyamba, monga kulemba alimi ndi kukonza malo ogulira, kenako kuti muli okonzeka kubwera ku intavyu. Njira yosavuta yodziyesera ndi kuŵerenga mizere. Ngati kalata ili ndi mizere 25, ya chosowa isapitirire inayi.

Chosowa chikakhala dipuloma, kamangidwe ndi komweko koma choloŵa m'malo chimasintha. Simungalonjeze dipuloma mwezi wamaŵa, ndiye mumaonetsa kuti ntchito imene dipulomayo ikuimira munaigwira kale: "Chilengezo chikufuna dipuloma, ine ndili ndi satifiketi ndi nyengo zisanu za ntchito yomweyi." Ngati munalembetsadi maphunziro, tchulani koleji ndi chaka chomwe mudzamalize. Ngati simunalembetse, musalembe kuti "ndikuphunzira." Ku intavyu adzafunsa kalata yokulandirani kusukulu, ndipo olemba ntchito ambiri masiku ano amafuna mapepala otsimikizidwa ndi ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro. Bodza la m'kalata silimatha tsiku lolembedwa ntchito. Likadziŵika pambuyo pake, limakhala chifukwa chokuchotserani.

Ena amafunsa ngati kuli bwino kudzipereka kuti akuyeseni kaye. Lamulo la ntchito la 2019 limalola nthaŵi yoyesedwa yofika miyezi itatu, ndipo ingawonjezedwe ndi ina yosapitirira itatu. Choncho kulemba kuti "ndine wokonzeka kuonetsa laisensi nthaŵi yoyesedwa isanathe" ndi lonjezo lomveka, lokhala ndi malire amene onse aŵiri mukuwadziŵa. Koma kulemba kuti mugwira ulere kapena mulandira malipiro ochepa chifukwa cha chosowacho, ayi. Mtengo umene mwadziikira m'kalata ndi womwe mudzaupeze pa kontirakiti, ndipo laisensi ikadzabwera malipirowo sadzakwera okha.

Chotsala ndi kugwirizanitsa mapepala. CV inene zomwe kalata yanena: ngati m'kalata muli laisensi yongoyembekezera, pa CV pasalembedwe "laisensi ya kalasi A." Pansi pa siginecha lembani zomwe mwaphatikiza, motsatira ndondomeko ya chilengezo: kope la NRC, la Giledi 12, la satifiketi, ndi la pepala la RTSA lija, onse odindidwa ndi wolumbiritsa ngati chilengezo chatero. Uzaninso anthu amene mwawaika kuti akuchitireni umboni zomwe mwalemba, kuti akaimbiridwa foni asanene china. Potumiza pa imelo, sonkhanitsani zonse mu fayilo imodzi ya PDF, kalata ikhale tsamba loyamba. Mukaitanidwa ku intavyu laisensi itatuluka, itengeni yeniyeniyo pamodzi ndi kope lake. Ngati isanatuluke, tengani lisiti la RTSA losonyeza pomwe mwafika, chifukwa funso la laisensilo lidzabwera ndithu.