Momwe mungalembere kalata youza antchito za kagawidwe katsopano ka matipi

Ndili ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu ndi zitatu cha ku Katoto mumzinda wa Mzuzu, ndipo alendo athu ambiri ndi ogona usiku umodzi ali pa ulendo wa ku Nkhata Bay, ku Nyika kapena ku Karonga. Kwa zaka zingapo, tipi imene mlendo amasiya pothokoza inkangothera m'thumba mwa amene wamunyamulira chikwama kapena kumulandira makiyi, pamene mayi wochapa zofunda kuseri m'nyengo yozizira ya Juni ndi mlonda wochezera panja sankaona kanthu. Nditaganiza zoti ndalamazo ziziikidwa pamodzi, ndinalemba kalata, ndipo kalata yoyambayo inandipalira mkangano umene ndifotokoze pansipa.

Musanalembe chilichonse, khalani pansi ndi antchito onse, kuphatikizapo a usiku, ndipo mumve maganizo awo. Kalata ntchito yake ndi kusunga zimene mwakambirana kale, chifukwa munthu akamva nkhani yokhudza ndalama zake koyamba kudzera papepala, amaganiza kuti abwana akufuna kudyapo. Iperekeni kutatsala masabata awiri kuti mwezi uthe. Tsiku loyambira lilembedwe lonse, monga 1 Ogasiti, chifukwa mawu akuti "mwezi wamawa" amasintha tanthauzo pepala likakhalitsa pakhoma.

Ndime yoyamba inene zinthu ziwiri mosazungulira: kuti matipi onse ndi a antchito ndipo mwini malo satengapo ngakhale tambala, komanso kuti malipiro a pamwezi sasintha. Mfundo yachiwiriyi musaisiye, pakuti tipi ndi mphatso ya mlendo ndipo siilowa m'malo mwa malipiro ochepetsetsa amene boma limakhazikitsa. Ine ndinalembanso kuti mbale yosweka kapena thawulo losowa sizidzadulidwa pa matipi, ndipo chiganizo chimenecho chinatonthoza mitima kuposa zina zonse.

Ndime yachiwiri ifotokoze kumene ndalama zizisungidwa. Ife tili ndi bokosi lamatabwa pamalo olandirira alendo, lokhala ndi maloko awiri, kiyi wa loko imodzi ali ndi ine ndipo winayo ali ndi munthu amene antchito anasankha okha. Pa maloko musaumire ndalama. Oyamba ndinawagula motchipa kwa mnyamata wina woyenda nawo m'manja pafupi ndi depoti, ndipo tinadzazindikira kuti kiyi mmodzi ankatsegula onse awiri, choncho ndinagulanso ena kusitolo ya zipangizo zomangira pa mtengo woposa kawiri.

Gawo limene linandivuta ndi la kagawidwe kenikeni. M'kalata yoyamba ndinalemba kuti "ndalama zidzagawidwa mofanana kwa antchito onse", ndipo ndinkaona ngati palibe mawu omveka kuposa amenewo. Kumapeto kwa mwezi m'bokosi munapezeka K180,000, ndipo antchito okhazikika anali asanu ndi mmodzi, kotero aliyense analandira K30,000. Koma mwezi umenewo mayi mmodzi wokonza m'zipinda anali atapita kutchuthi kwawo ku Rumphi ndipo anagwira masiku 14 okha, pamene anzake asanu anagwira masiku 26 aliyense. Mtsikana wa ganyu amene anamugwirira ntchito masiku 6, m'sabata imene zipinda zonse zinali zodzaza, sanalandire kalikonse chifukwa dzina lake silinali pa mndandanda wa malipiro. Palibe amene anandiyankha mwano. Ndinangoona kuti ophika asiya kudyera limodzi nsima ya masana ndi mayi uja, ndipo patapita masiku atatu mlonda, bambo wachikulire amene sakonda zolankhulalankhula, anandiimitsa pageti atavula chipewa n'kunena kuti, "Abwana, mundikhululukire, koma kodi mofanana muja mumatanthauza anthu kapena ntchito?" Mwezi wotsatira m'bokosi munalowa ndalama zochepa kwambiri ngakhale alendo sanachepe, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chakuti antchito asiya kukhulupirira dongosolo ndipo ayambanso kuika matipi m'matumba mwawo.

M'kalata yachiwiri ndinachotsa mawu akuti mofanana ndipo ndinaika masamu ake, pogwiritsa ntchito ndalama za mwezi wa mkangano womwewo kuti aliyense adzionere yekha. Ndimeyo inali yotere:

"Kuyambira pa 1 Ogasiti, ndalama za m'bokosi zizigawidwa potengera masiku amene munthu wagwira ntchito, malinga ndi buku limene timasaina pofika. Mwachitsanzo, m'bokosi mukapezeka K180,000, ndipo anthu asanu agwira masiku 26 aliyense, mmodzi masiku 14, ndi waganyu masiku 6, masiku onse pamodzi ndi 150. Tikagawa K180,000 ndi 150, tsiku limodzi likhala K1,200. Wa masiku 26 alandira K31,200, wa masiku 14 alandira K16,800, ndipo wa masiku 6 alandira K7,200. Usiku umodzi wa mlonda uwerengedwa ngati tsiku limodzi. Masiku a ofu ndi a tchuthi sawerengedwa."

Musanasindikize, phatikizani magawo onsewo kuti muone ngati akubwereradi pa K180,000, chifukwa pali wantchito amene adzawerengera pafoni yake usiku womwewo. Mudzafunsidwanso za matenda ndi maliro, ndipo ndi bwino yankho likhale m'kalata zovutazo zisanagwe. Ife tinagwirizana kuti masiku atatu a maliro a wachibale wapafupi aziwerengedwa ngati munthu wagwira ntchito, chifukwa palibe amene anafuna kuti mnzake achoke kumanda n'kudzapeza gawo lake litachepa. Eni malo ena amapereka gawo lalikulu kwa ophika ndi olandira alendo, koma ine ndinakana njira imeneyo poona kuti kusiyana kwa maudindo kuli kale m'malipiro. Dziwani kuti dongosolo lonseli latsamira pa buku losaina lija, ndiye ngati anthu amasainirana kapena kusaina masiku atatu nthawi imodzi, konzani zimenezo poyamba.

Zotsalazo n'zachidule. Matipi otumizidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba azipita pa nambala imodzi yodziwika, osati ya wantchito aliyense, ndipo kalata inene kuti ndalama yodulidwa potapa ichotsedwa musanagawe. Madola ndi ndalama zina zakunja muzikasintha kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama ndipo lisiti muziliika m'buku. Anyamata osintha m'misewu angakulonjezeni zambiri, koma sapereka lisiti loti muonetse antchito. Tipi imene mlendo wapereka m'manja nayonso izilowa m'bokosi. Lembani tsiku lotsegula bokosi, ife timatsegula pa 1 mwezi uliwonse pamaso pa anthu awiri, komanso kuti dongosololi mudzaliunikanso pakatha miyezi itatu.

Kalata isapitirire tsamba limodzi. Iwerengeni mokweza pamsonkhano ndipo wina aifotokoze m'Chitumbuka kwa amene angamve bwino motero. Sindikizani makope okwanira aliyense ndi lina lomata kukhitchini, ndipo onse asaine pa kope lanu kuti alandira.