Momwe mungawerengere peresenti ya makina ofufuza zolemba za AI

Musanachite mantha ndi nambala, werengani mawu amene alembedwa pambali pake. Makinawa sayeza chinthu chimodzi. Ena amakuuzani kukula kwa gawo limene akulikayikira, ena amakuuzani mmene akukhulupirira kuti cholembacho ndi cha AI.

Yambani ndi Turnitin, imene makoleji ambiri amagwiritsa ntchito. Lipoti lake lili ndi manambala awiri: yofanana ndi zolemba za ena, ndi ya AI imene anayiwonjezera mu Epulo 2023. Musazisokoneze. Ya AI ndi gawo la zolemba, koma imawerenga ziganizo za m'ndime zokha, osati matebulo kapena mindandanda. Tinene asayimenti yanu ili ndi mawu 2,000, ndipo 400 ali m'matebulo ndi m'mindandanda. Otsala ndi 1,600. Ikaonetsa 25%, ndiye kuti mawu pafupifupi 400 ndiwo akukayikiridwa, ndipo mudzawapeza atapakidwa mtundu mulipotimo. Ikaonetsa `*%`, nambalayo ili pansi pa 20, pamene eni ake amavomereza kuti makinawo amaphonya kawirikawiri.

GPTZero ndi ina. Peresenti yake yaikulu ndi mwayi woti cholembacho chachokera ku makina. Apa ndi pamene ndinagwa ine. Mwana wa achemwali anga, wa ku Chilenje, anabwera ndi 60% yamtundu umenewu. "Amalume, nditani?" Ine osafunsa n'komwe ndinati, mawu 1,200 mwa 2,000 ndi oipa, lembanso. Mwana anachezera usiku wonse, magetsi atazima, kusintha ndime zimene analemba yekha. Chonsecho 60% ija inali ngati a zanyengo akati mwayi wa mvula mawa ndi 60%. Satanthauza kuti mvula igwa maola 14 pa tsikulo, ndipo mwina siigwa n'komwe. Cholemba chimene munthu walemba yekha chonse chingapeze 60%, ndipo chokhala ndi ndime imodzi ya makina chingapeze nambala yotsika.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mukaona liwu loti `probability` kapena `likely`, ndi mwayi. Mukaona `of text`, ndi gawo: werengani mawu opakidwa mtunduwo, gawani ndi mawu onse a m'ndime, muone ngati zikugwirizana ndi peresentiyo.

Za anyamata ogulitsa malipoti pa WhatsApp, chenjerani. Wina anandilipiritsa K50 n'kunditumizira chithunzi cha nambala yokha, chopanda tsamba lililonse. Ena amalowetsa ntchito yanu m'nkhokwe ya zolemba ya Turnitin, ndiye mukaipereka kusukulu imafanana ndi yanu yomwe. Funani lipoti lonse.

Kenako werengani nokha ndime zopakidwazo, sungani zolemba zanu zoyamba ndi madeti ake, ndipo aphunzitsi akakuitanani afunseni kuti peresenti yawoyo ndi ya mtundu uti.